Ndalama za Mtukula Pakhomo zikasiya kufika: kalata ilembedwe bwanji?

Ambiri mwa ife tili ndi agogo kapena mnansi amene amalandira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo zikasiya kufika, amene amapemphedwa kulemba kalata ndife odziwa kugwira cholembera. Makalata otere amakonda kudzaza ndi mavuto a pakhomo, za njala ndi matenda, koma osatchula zimene wa ku ofesi akufuna kuti apeze dzina la banjalo m'mabuku ake. Kalata yothandiza imayankha mafunso atatu: ndi banja liti, ndi miyezi iti, nanga mukufuna achitepo chiyani.

Ndondomekoyi idayamba mu 2006 ku Mchinji, ndipo pofika 2018 idafika m'maboma onse 28. Imasankha mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, amene ali osaukitsitsa komanso osowa munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Kuno ku Mzimba imayenda kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, pansi pa Khonsolo ya M'mbelwa, ndipo m'midzi muli makomiti a anthu odzipereka amene amalumikiza olandira ndi ofesiyo. Kwa ife a kummwera, monga ku Jenda, Embangweni, Champhira ndi Luwerezi, ofesi ya boma ili ku Mzimba boma. Ulendo wake umadya ndalama, choncho tisaupange ndi kalata yoperewera.

Tisanalembe, tifunse kaye anthu atatu kapena anayi a m'dera lomwelo amene amalandira nawo. Ngati onse sanalandire, ndiye kuti malipiro achedwa kudera lonse. Apa kalata ya banja limodzi sisintha kanthu. Nkwabwino kuti komiti ifunse m'malo mwa onse. Koma ngati anzawo analandira, vuto lili pa banjalo, ndipo silitha lokha mpaka wina alinene.

Zifukwa zake zimadziwika ndi zizindikiro. Ngati dzina lidaitanidwa pa tsiku lolandira koma mwini wake anali m'chipatala, banjalo likadali m'kaundula ndipo chofunika nkupempha zotsalira. Ngati dzina la pa chiphaso cha unzika likusiyana ndi la m'kaundula, mwina mayi analembetsa ndi dzina la kwa mwamuna pamene chiphaso chili ndi la kwa makolo, chofunika nkukonza dzina. Kumene ndalama zimabwera pa foni kapena pa khadi, simukhadi yotayika kapena yotsekedwa ingachititse kuti ndalama zituluke ku boma koma osafika m'manja mwa mwini. Palinso nthawi imene boma limaunikanso mabanja patapita zaka zingapo, ena nkuchotsedwa. Zikatero palibe ngongole yoitanitsa, ndipo kalata ikhale yopempha kuti aunikenso banjalo.

Tiyerekeze za agogo ena a kwa Inkosi Mabulabo, osayenda bwino, olera zidzukulu zitatu. Mwana wawo wamwamuna ndiye adalembedwa kuti aziwalandirira. Mu Malichi mwanayo wapita ku Joni kukasaka ganyu, monga achitira anyamata ambiri a kuno. Tinene kuti banjali limalandira K24,000 pa miyezi iwiri iliyonse. Chiwerengerochi nchongoyerekeza, inu mudzalembe chimene chili pa mapepala anu. Agogo analandira za Januwale ndi Febuluwale, koma za Malichi mpaka Juni sanazione, pamene anzawo analandira kawiri konse. Zotsalira ndi K48,000. Kalata yawo ingayende motere:

Kwa Bwana Woyang'anira Ofesi ya Chisamaliro cha Anthu, Mzimba.

Mutu: Kusalandira ndalama za Mtukula Pakhomo, Malichi mpaka Juni.

Bwana, ine ndine (dzina monga lilili pa chiphaso), wa m'mudzi wa (mudzi), Gulupu (dzina), Inkosi Mabulabo. Nambala ya banja langa m'ndondomekoyi ndi (nambala), ndipo ya chiphaso cha unzika ndi (nambala). Ndinalandira komaliza K24,000 za Januwale ndi Febuluwale. Za Malichi ndi Epulo komanso za Meyi ndi Juni sindinalandire, ngakhale anzanga a m'dera lino analandira. Amene ankandilandirira, (dzina), anachoka mu Malichi kupita kunja kwa dziko. Ndinadziwitsa wapampando wa komiti yathu pa (tsiku). Ndikupempha zinthu ziwiri: kuti muchotse dzina la wondilandirirayo ndi kuikapo (dzina ndi nambala ya chiphaso), komanso kuti muone m'mabuku anu ngati ndalama za miyezi inayi, zokwana K48,000, zinatengedwa kapena ayi, ndipo ngati sizinatengedwe zindipatsidwe. Yankho lingafike pa foni iyi: (nambala). Ine wanu, (saini kapena chidindo cha chala). Wolemba m'malo mwanga: (dzina ndi ubale).

Taonani kuti kalatayi sikuneneza munthu kuti waba. Ikupempha ofesi kuti ione ngati ndalama zinatengedwa, popeza yankho la funso limeneli ndi limene limasonyeza njira. Ngati sizinatengedwe, nkhani ndi ya mapepala chabe. Ngati mabuku akuonetsa kuti wina anasainira kapena anazitapa pa foni, nkhaniyo yasanduka dandaulo lofunika kufufuzidwa, ndipo tipemphe tsiku ndi malo amene zinatengedwera. Kutchula dzina la munthu ngati wakuba popanda umboni kumangodanitsa anthu m'mudzi, nkhani ya ndalama nkuiwalika.

Taonaninso kuti kalata ili m'dzina la agogo, osati lathu. Ofesi imadziwa mwini banja amene ali m'kaundula. Ngati talemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi, tiwawerengere ndi kuwamasulira m'Chitumbuka asanadinde chala, kuti adziwe chimene avomereza. Ndi iwo amene ayenera kusankha wowalandirira watsopano, makamaka munthu wokhazikika pamudzi.

Popita ku ofesi titenge makalata awiri ofanana, chiphaso cha unzika, ndi khadi kapena kabuku kamene adapatsidwa polembetsa. Zosiya ku ofesi zikhale zojambulitsa. Zenizeni zibwerere kunyumba. Ngati mwini dzina adamwalira ndipo ana atsala okha, tiwonjezere kalata ya amfumu yochitira umboni, tipemphe kuti dzina la mutu wa banja lisinthidwe. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya khadi isalembedwe m'kalata, ndipo isauzidwe aliyense, ngakhale woimba foni amene akudzitcha wa ku ofesi. Kupereka dandaulo sikulipiritsidwa.

Wolandira kalata timupemphe asainire ndi kulemba tsiku pa kalata yathu yotsala. Akatipatsa fomu yawo ya madandaulo, tiilembe ndithu, kalata ikhale yoiperekeza, chifukwa fomuyo ndi imene imalowa m'kaundula wawo. Tifunsenso kuti tibwere liti kudzamva yankho, tsikulo tililembe kuseri kwa kalata. Tisaiwale kuuza komiti ya kumudzi kuti kalata yapita, popeza ofesi ikafuna kutsimikiza nkhaniyo idzafunsa iwo.

Malipiro otsatira akadutsa popanda yankho, tilembe kalata yachiwiri, yaifupi, yotchula tsiku la yoyamba ija, ndipo ina tiipereke ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma. Zikakanikabe, ofesi ya Ombudzimani, imene imamva madandaulo a anthu pa ntchito za boma, ili ndi nthambi ku Mzuzu. Kumeneko adzafuna kuona ngati tidayamba tadandaula ku ofesi yoyenera, ndipo kalata yosainidwa ija ndiyo idzatiyankhire.