Kuonana ndi a ku Joni pa wailesi yakanema

Kuno ku Thuchila agogo amavutika kuona adzukulu a ku Joni pa kagalasi ka foni. Ife timalumikiza laputopu ku wailesi yakanema ndi chingwe cha HDMI, kenaka n'kusankha HDMI pa rimoti. Kamera ya USB, yomwe ili ndi maikolofoni, timailowetsa mu laputopu n'kuikhazika pamwamba pa wailesiyo. Intaneti timaitenga pa foni.

Zenera likhale kutsogolo kwathu, chifukwa likakhala kumbuyo nkhope zimada. Abale akamamva mawu awo akubwerera, ndiye kuti maikolofoni ikutola mawu a wailesi, choncho tichepetse voliyumu. Nthawi ya ku Joni ndi yathu ndi imodzi. Tilumikize zonse Lachisanu masana, kuti titsegulire limodzi Sabata.