Mtsikana akawonda, mufunseninso za kudya

A Mkonzi,

Ndikudandaula ndi momwe zipatala zathu zazing'ono zimalandirira mtsikana wowonda kwambiri. Amamuyeza HIV, makhololo a TB ndi shuga, ndipo zimenezi n'zoyenera. Koma zotsatira zikakhala bwino kufufuza kumathera pomwepo. Amangolemba kuti ndi kunyentchera, n'kumupatsa chiponde, n'kumuuza kuti azidya. Matenda odzimana chakudya, otchedwa anorekisiya, saganiziridwa n'komwe, chifukwa ambiri timati ndi a azungu.

Ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo izi ndaziona pa mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 19. Anatsika kuchoka pa makilogalamu 52 kufika pa 40 m'chaka chimodzi. Msinkhu wake ndi mita 1.60. Mukachulukitsa 1.60 ndi 1.60 mumapeza 2.56, ndipo 40 kugawa ndi 2.56 ndi 15.6. Pa kawerengedwe kameneka, munthu wamkulu akatsika pansi pa 18.5 ndiye kuti ndi wowonda, akatsika pansi pa 16 zafika poopsa. Kuchipatala anawerengera molondola. Chimene sanafunse n'chakuti chiponde chija ankadya ndani. Mtsikanayo ankagawira azing'ono ake.

Sikelo ndi tepi yoyezera mkono zimangonena kuti thupi latha, sizinena chifukwa. Chifukwacho chimapezeka pofunsa, ndipo kufunsa sikulira ndalama. Wowonda ndi njala mukamuikira nsima amadya, nthawi zambiri ena a m'nyumbamo amakhalanso atawonda, ndipo vuto limakula m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Wodwala matenda a m'thupi amadandaula yekha kuti akutha ndipo amafuna thupi lake libwerere. Wa TB amatsokomola, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku. Wa shuga amamva ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Amene chithokomiro chake chikugwira ntchito mopyola amadya kwambiri koma n'kumawondabe, mtima ukuthamanga.

Mwana wathuyu anali wosiyana. Chakudya m'nyumba chinalipo, ena onse anali ndi matupi awo. Ankaphikira anthu mokondwa koma iye n'kunena kuti wadya kale kukhitchini. Anayamba ndi kusiya mafuta, kenako nsima, n'kutsala ndi tiyi ndi masamba. Ankavala juzi dzuwa likuswa mtengo, manja ali zii, ndipo mtima wake unkagunda ka 48 pa mphindi. Chachikulu n'chakuti kuwondako sikunkamudetsa nkhawa. Amene ankalira ndi mayi ake.

Azaumoyo ena amafunsa kamodzi kuti, "Kodi umaopa kunenepa?" Akayankha kuti ayi, nkhani yatha. Koma si onse amene amanena zimenezo, makamaka kuno kumene kunenepa timakuyamikira. Wina amati m'mimba mumadzaza msanga, wina amati akusala kudya chifukwa cha mapemphero. Kusala sindikukunyoza, koma kwa anzake kumakhala ndi tsiku lomasula, pamene kwa iye kumangopitirira. Mufunseni ali yekha, modekha, zimene wadya kuyambira dzulo m'mawa, ngati amadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, ndi momwe angamvere atawonjezera makilogalamu asanu. Kenako mufunse mayi ake padera. Mufunsenso za kukhumudwa ndi maganizo odzipha, poti nayenso wokhumudwa amasiya kudya, ngakhale sachita kuzemba chakudya mwadala. Tisaiwale kuti mavutowa amatha kukhalira limodzi: wochokera m'banja losauka akhoza kudzimananso, ndipo wodzimana akhoza kudwalanso TB.

Kungouza makolo kuti amukakamize kudya kuli ndi ngozi yake. Thupi limene lakhala nthawi yaitali osalandira chakudya likapatsidwa chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi monga fosifeti ndi potaziyamu umatsika, ndipo mtima ukhoza kuima m'masiku oyambirira. Wotere ayenera kuyamba pang'onopang'ono akuyang'aniridwa. Amene mtima wake ukugunda pansi pa ka 40 pa mphindi, kapena akukomoka akaimirira, agonekedwe tsiku lomwelo.

Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo si banja lililonse lingafike ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. N'chifukwa chake ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti mafunso awa aikidwe pa fomu yoyezera kunyentchera, ndipo aphunzitsidwe kwa anamwino, makiliniko ofesala ndi amatroni a m'sukulu zogonera komweko. Pakhalenso lamulo loti amene walandira chiponde kwa mwezi wathunthu sikelo osakwera, matenda ena atayezedwa osapezeka, aonedwe ndi namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma lakelo.

Namwino wopuma ntchito,
Dedza