Mtengo wa mushanga na chenjezo pa paketi: chileketsa fodya ni chiti?

Imwe amene mukoka fodya, yankhani mwachilungamo: ni liti pamene munawerenga mawu olembedwa pa paketi? Nidziwa ena museka, ati "paketi yake iti, ise tigula umodzi umodzi pa kantemba." Yankho imeneyo ndiye nkhani yathu sabata ino. Maboma ali na zida ziwiri zikuluzikulu zochepetsera fodya: kukweza msonkho kuti udule, na kuika chenjezo pa paketi kuti muope. Zonse ziwiri zinayesedwa m'maiko ambiri ndipo zotsatira zake zidziwika. Koma mphamvu zake sizilingana, ndipo mu komboni muli zinthu zimene zifooketsa zonse ziwiri.

Thumba likalira, munthu amvera

Tiyambe na msonkho, chifukwa ndiye uli na umboni wolimba kwambiri. Bungwe la zaumoyo la WHO likamba kuti mtengo wa fodya ukakwera na 10 peresenti, fodya wokokedwa atsika na 4 peresenti m'maiko olemera, ndipo na 5 peresenti m'maiko osauka monga lathu. Tanthauzo lake ni ili: ngati komboni yonse inali kutsiriza mapaketi 100 pa tsiku, iyamba kutsiriza 95. Chioneka chochepa, koma chiwerengero ichi chibwera nthawi iliyonse mtengo ukakwera, chaka na chaka. Pafupifupi hafu ya kutsika uku ichokera kwa anthu amene alekeratu kapena amene sayambako, ndipo hafu inayo ni ya aja amene achepetsa chabe.

Amene amva msanga ni achinyamata na anthu a ndalama zochepa. Bwana wa ku Kabulonga sazindikira olo paketi ikwere na K5. Mwana wa sukulu amene agula na chenji ya tiyi azindikira tsiku lomwelo. Popeza okoka ambiri ayamba asanafike zaka 20, mtengo umene uletsa mnyamata kuyamba ndiye upulumutsa zaka zambiri.

Chitsanzo chabwino chili pafupi, ku South Africa. Mu 1994 boma latsopano linalengeza kuti lifuna msonkho ufike pa hafu ya mtengo wa paketi, ndipo linapitiriza kuukweza chaka chilichonse. Pakati pa 1993 na 2003 mtengo weniweni wa ndudu, titachotsako kukwera kwa zinthu zonse, unapitirira kawiri. Ndudu zogulidwa m'dziko lonse zinatsika na gawo limodzi mwa magawo atatu. Akuluakulu okoka anatsika kuchoka pa anthu 32 pa 100 alionse kufika pa 24. Ndipo ndalama zimene boma linatolera pa fodya zinapitirira kawiri, chifukwa mtengo unakwera kwambiri kuposa mmene ogula anachepera. Amene analondola manambala awa kwa zaka zambiri ni Pulofesa Corné van Walbeek wa pa yunivesite ya Cape Town.

Pamene msonkho ulephera

Manje si msonkho uliwonse umene ugwira nchito. Pali njira ziwiri zoulipiritsira. Ina ni ya peresenti pa mtengo wa ku fakitale, ina ni ndalama yoikika pa paketi iliyonse, ikhale yodula olo yotchipa. Tiyerekeze na manambala ongopeka. Paketi yotchipa ichoka ku fakitale pa K10, yodula pa K30. Mukaika msonkho wa 50 peresenti, yotchipa ifika pa K15, yodula pa K45. Munthu amene yodula yamulemera angotsikira ku yotchipa, fodya osaleka. Koma mukaika K10 pa paketi iliyonse, yotchipa ifika pa K20, ndiye kuti yadula kawiri, ndipo kothawira kwachepa. Ndiye chifukwa chake akatswiri akonda msonkho woikika. WHO ilangiza kuti misonkho yonse pamodzi ifike pa 75 peresenti ya mtengo umene wogula alipira, ndipo Zambia kwa zaka zambiri yakhala kutali pansi pa mzere umenewo.

Msonkho woikika nawo uli na matenda ake: ukalamba. Ngati unga, basi na lendi zakwera, malipiro nawo akwerako, koma msonkho wa fodya wakhala pamodzimodzi, ndiye kuti fodya watchipa olo mtengo wake sunatsike. Njira yodziwira ni yapafupi. Yerekezani mtengo wa paketi na mtengo wa buledi kapena wa basi yopita mu tauni, lero na zaka zitatu zapitazo. Ngati kale paketi inali kulingana na mabuledi awiri ndipo lero ilingana na imodzi na hafu, msonkho wagona. Nduna ya Zachuma ikawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, funso ni lakuti: kodi kukweza kwa fodya kwapitirira kukwera kwa zinthu zina?

Chinanso ni mishanga. Paketi ili na ndudu 20. Msonkho ukakwera na K2 pa paketi, pa mushanga umodzi ni 10 ngwee chabe. Mayi wa pa kantemba sangakulipiritseni 10 ngwee, choncho kawirikawiri mtengo ukhala momwemo, ndipo wokoka samva kalikonse. Kukweza pang'onopang'ono kusowera m'njira. Ndipo mtengo ukakwera zoona, ena athawira ku balani wopombera mu pepala, amene agulitsidwa pa msika kopanda msonkho.

Nanga fodya wozembetsa? Makampani a fodya akonda kukamba kuti msonkho ukakwera, wozembetsa achuluka. South Africa yomweyo itiphunzitsa kanthu. M'zaka zimene msonkho unali kukwera mwamphamvu, fodya wozemba msonkho anali wochepa. Anadzachuluka pambuyo pake, makamaka kuyambira 2014 pamene bungwe lawo lotolera misonkho, SARS, linafooka, ndipo zinthu zinaipiratu mu 2020 boma litaletsa kugulitsa fodya kwa miyezi isanu nthawi ya Covid. Phunziro ni lakuti msonkho ufuna wotolera wamaso, amene kwathu ni ZRA. Popanda iye, lamulo likhala pa pepala.

Chithunzi chiposa mawu

Tibwere ku paketi. Canada ndiye inayamba kuika zithunzi zochenjeza mu 2001: mano owola, mapapo odwala, zotenga hafu ya paketi. Muno mu Africa, Mauritius inaika zithunzi mu 2009. Australia inapitirira mu Disembala 2012: mapaketi onse mtundu umodzi wosakongola, dzina la kampani m'zilembo wamba, chithunzi chachikulu.

Kodi zigwira nchito? Umboni woyera kwambiri unachokera ku America mu 2016. Ofufuza anatenga okoka opitirira 2,000 na kuwagawa pawiri mwa mayere. Pa mapaketi a gulu lina anamata zithunzi, pa a gulu linalo mawu chabe, kwa masabata anayi. Mwa a zithunzi, 40 pa 100 alionse anayesa kuleka. Mwa a mawu chabe, 34. Amene anali atakhala sabata yonse osakoka pomaliza anali pafupifupi 6 pa 100 ku zithunzi, na 4 pa 100 ku mawu. Ku Australia, boma litapenda mu 2016, linapeza kuti pa kutsika konse kwa okoka m'zaka pafupifupi zitatu, gawo limodzi mwa magawo anayi linachokera ku mapaketi atsopano.

Muone bwino manambala awa. Chithunzi sichichita zozizwitsa. Pa anthu 100 chisuntha ochepa. Mphamvu yake ili pa kubwerezabwereza. Wokoka paketi imodzi pa tsiku aitulutsa m'thumba ka 20, pa chaka kupitirira ka 7,000, ndipo boma sililipira ngwee chifukwa wosindikiza ni kampani. Koma maso azolowera. Chithunzi chimodzimodzi chikakhalitsa chileka kuopsa, ndiye chifukwa chake maiko azisinthasintha.

Zambia inalowa mu pangano la WHO lolimbana na fodya mu 2008, chaka chomwecho chimene kukoka pa malo a anthu ambiri kunaletsedwa. Panganolo lifuna chenjezo lotenga 30 peresenti ya kutsogolo na kumbuyo kwa paketi kapena kuposa, ndipo lilimbikitsa hafu na zithunzi. Koma chenjezo limene ambiri tinakula tiliona ni kamzere kamodzi ka Chizungu kakuti fodya awononga thanzi. Sikatchula khansa, sitiroko kapena matenda a mtima, ndipo kwa amene sawerenga Chizungu ni zokongoletsa chabe. Ofufuza a ITC atafunsa okoka a muno mu 2012 na 2014, anapeza kuti ambiri agula mishanga. Wogula mushanga paketi aionera patali, m'manja mwa wogulitsa. Olo muikepo chithunzi choopsa bwanji, sichilowa m'thumba mwake. A Canada anaganizira za ndudu imodzi imodzi, ndipo mu 2023 anakhazikitsa lamulo lakuti chenjezo lilembedwe pa ndudu yeniyeniyo.

Ndiye tiziti chiyani?

Mukaika ziwirizi pa sikelo, msonkho ndiye ulemera. Chenjezo lipatsa munthu chifukwa cholekera, mtengo umukankha kuti aleke lero. Kwathu kuno, zonse ziwiri zidalira chinthu chimodzi: kugulitsa umodzi umodzi. Mushanga ubisa mtengo ndipo ubisanso chenjezo. Zoona, pali amayi ambiri amene kandalama ka ndiwo kachokera pa mishanga, ndipo lamulo lililonse lokhudza malonda awa liyenera kuwaganizira. Koma tisanamizane kuti chithunzi pa paketi chingagwire nchito yonse pa malo pamene paketi siigulidwa.

Pakali pano mungadziikire msonkho na chenjezo mweka. Tengani mtengo wa mushanga pa kantemba kanu, muchulukitse na imene mukoka pa tsiku, ndiyeno na 30. Ngati ni K2 ndipo mukoka 10, ni K20 pa tsiku, K600 pa mwezi, K7,200 pa chaka. Lembani nambala imeneyo pa kapepala, muike kuseri kwa foni yanu pamene mudzaiona ka 20 pa tsiku. Ndipo ngati mwaganiza zoleka koma chilaka chikukanikizani, pitani ku kiliniki ya pafupi mukakambe na anesi. Ambiri amene analeka sanaleke pa ulendo woyamba, choncho mukagwa, yambaninso.