Si ulesi, mlembereninso notsi

Amayi anzanga a ku Ntaja ndi Ulongwe, mwana amene amayankha bwino pakamwa koma powerenga amadumpha mizere ndi kusokoneza zilembo musamutche waulesi. Mwina ali ndi disilekisiya, vuto lolephera kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake. Yambani mwakamupimitsa maso.

Kenaka mlembereninso notsi zake. Mzere uliwonse ukhale ndi mfundo imodzi, mawu osaposa 6: "Udzudzu umafalitsa malungo." Dumphani mzere, lembani: "Gonani m'neti usiku uliwonse." Mitu yokha ilembedwe ndi bolopeni yofiira, chifukwa mitundu ikachuluka amasokonezeka. Pomaliza jambulani mawu anu pa foni mukuwerenga mfundozo, mphindi 2 zokha, kuti azimvetsera akulondola ndi chala.

Zimenezi sizichiza vutoli, koma ndimodo nazonso sizichiza: zimangomuthamangitsa kusukulu.