Ngongole ya wantchito wanu: chifundo nacho chili ndi msonkho wake

Amene mumagula katundu wa pikulitsa pa Songani mukudziwa kuti eni magolosale akuluakulu, zigayo za mpunga ndi mashopu a zipangizo zomangira sagwira okha ntchito. Ali ndi kalaliki wolemba malisiti, ali ndi dalaivala, ena ali ndi woyang'anira sitolo yemwe wakhala nawo zaka zambiri. Wantchito wotereyu akafuna ndalama yogulira njinga yamoto ya kabaza, kapena mpamba woti mayi a kunyumba azikapikula matemba ku Kachulu, sathamangira kubanki. Amagwada kwa bwana wake, ndipo bwana amatulutsa ndalama n'kunena kuti azidula pang'onopang'ono kumalipiro, popanda chiwongoladzanja.

Mchitidwe umenewu ndi wabwino ndipo ine sindikufuna kuti uthe. Ambiri mwa amalonda a kuno ndi Asilamu omwe chipembedzo chawo sichilola kulandira chiwongoladzanja, pomwe ena amangochita manyazi kudyera munthu yemwe amawatsegulira shopu m'mawa uliwonse. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sachidziwa mpaka tsiku lomwe a bungwe lotolera misonkho la MRA abwera kudzaona mabuku. Lamulo la misonkho limaona ngongole yotereyi ngati phindu lomwe wantchito wapeza chifukwa cha ntchito yake, ndipo phindu limenelo limadulidwa msonkho.

Ganizo la lamuloli ndi losavuta. Wantchito uja akadapita kubanki, akadalipira chiwongoladzanja. Poti wakongola kwa inu kwaulere, ndalama ya chiwongoladzanjayo yatsala m'thumba mwake, chimodzimodzi ngati mwamuonjezera malipiro. N'chifukwa chake ngongoleyi imaikidwa m'gulu limodzi ndi nyumba, galimoto kapena fizi ya ana zomwe bwana amapereka kwa wantchito pamwamba pa malipiro. Msonkho wa pa zinthu zimenezi ndi K30 pa K100 iliyonse, ndipo wolipira ndi wolemba ntchito, osati wantchito.

Tisanapite patali, tione kaye ngati nkhaniyi ikukukhudzani. Ngati muli ndi mnyamata wokuthandizani pabenchi ya tomato kapena wonyamula matumba, yemwe malipiro ake safika poyambira kudula msonkho wa pamalipiro, msonkho uwu sukumukhudza. Malire amenewa amasuntha ndi bajeti ya boma: mu Epulo 2024 adakwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, choncho funsani pomwe ali lero. Koma ngati kalaliki kapena dalaivala wanu amalandira kuposa malirewo, werengani bwino zomwe zikutsatirazi.

Chomwe chimadulidwa msonkho si ndalama yomwe mwabwereketsa ayi. Ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja cha pamsika, chomwe wobwereketsa pochita malonda akadalipiritsa, ndi chiwongoladzanja chomwe inu mwalipiritsa. Cha pamsikacho sichikhala malo amodzi. Chimatsata mlingo womwe banki yaikulu ya Reserve imaika, womwe mu 2024 udafika pa 26 peresenti. Ndiye musatenge nambala yomwe mwaimva paminibasi. Pitani kuofesi ya MRA ku Zomba mukafunse mlingo woti mugwiritse ntchito pa miyezi yomwe mukuwerengayo, ndipo muulembe m'buku pamodzi ndi tsiku lomwe mwauzidwa.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Tinene kuti muli ndi chigayo cha mpunga ndipo kalaliki wanu amalandira K250,000 pamwezi. Pa 1 Epulo mwamubwereka K600,000 yopanda chiwongoladzanja, ndipo mwagwirizana kuti muzidula K50,000 kumapeto kwa mwezi uliwonse mpaka miyezi 12 itakwana. Kuti masamu asatizunguze, tingoyerekeza kuti chiwongoladzanja cha pamsika ndi 24 peresenti pachaka. Mukagawa 24 ndi miyezi 12 mupeza 2 peresenti pamwezi, kutanthauza K2 pa K100 iliyonse yomwe wantchito adakali nayo m'manja mwezi umenewo.

Mu Epulo ali ndi K600,000 yonse, ndiye chiwongoladzanja chomwe wapulumuka ndi K12,000. Kumapeto kwa mweziwo mwadula K50,000, choncho mu Meyi ngongole yatsala K550,000 ndipo wapulumuka K11,000. Mu Juni yatsala K500,000 ndipo wapulumuka K10,000. Mukaphatikiza miyezi itatuyi mupeza K33,000. Limeneli ndiye phindu loyenera kudulidwa msonkho, ndipo K30 pa K100 iliyonse ya K33,000 ndi K9,900.

Taimira pa miyezi itatu chifukwa msonkhowu umalipidwa pakutha pa miyezi itatu iliyonse, pasanadutse masiku 14. Wa Epulo mpaka Juni uyenera kukhala utalowa pofika pa 14 Julaye. Ngongole ikamachepa nawonso umachepa. Pa Julaye mpaka Sepitembala phindu likhala K24,000 ndipo msonkho K7,200. Pa Okutobala mpaka Disembala phindu ndi K15,000, msonkho K4,500. Miyezi itatu yomaliza phindu ndi K6,000, msonkho K1,800. Chaka chonse wantchito wapulumuka K78,000 ndipo inu mwalipira K23,400.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa modzipweteka okha. Amatenga K600,000 ija n'kuiwerengera 24 peresenti ya chaka chonse ngati kuti palibe yomwe yabwezedwa. Akatero amapeza phindu la K144,000 ndi msonkho wa K43,200, kutaya K19,800 yosafunika kutaya. Njira yodziwira kuti mwasokoneza ndi iyi: ngati wantchito akubweza mwezi ndi mwezi koma msonkho wanu sukutsika, ndiye kuti mukuwerengera ndalama yomwe idabwerera kale m'kabati mwanu. Komanso ngati wantchito wadumphitsa mwezi osabweza, ngongole ya mwezi wotsatirawo isatsike m'buku, chifukwa ndalamayo adakali nayo.

Nanga mukaika chiwongoladzanja chochepa? Tinene kuti mwamulipiritsa 12 peresenti pachaka, yomwe ndi K1 pa K100 iliyonse pamwezi. Kusiyana kwake ndi kwa pamsika kwatsala K1 basi. Pa miyezi itatu yoyamba phindu likhala K16,500 ndipo msonkho K4,950. Chaka chonse mulipira K11,700 m'malo mwa K23,400. Zikuoneka ngati mwapulumutsa, koma taonani yemwe wasenza katunduyo. Kalaliki uja wakupatsani K39,000 ya chiwongoladzanja kuti inu mupulumutse K11,700, ndipo K39,000 imeneyo ndi ndalama yomwe bizinesi yanu yapeza, iyenera kulowa m'mabuku ngati ina iliyonse.

Maganizo anga ndi akuti ngati mwasankha kuthandiza wantchito, thandizani ndi maso otsegula, ndipo K23,400 ija muione ngati mtengo wa thandizolo. Ndikudziwa kuti ena mukwiya. Munena kuti mwatulutsa kale K600,000 yomwe ikadagula matumba a mpunga nthawi yokolola n'kudzagulitsa mtengo utakwera, ndiye boma likulangeninso chifukwa cha mtima wabwino? Dandaulo limeneli lili ndi mutu, makamaka poti msonkho umenewu suchotsedwa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi powerengera msonkho wa phindu lanu. Umatuluka m'thumba mwanu wonse.

Komabe taganizani mbali inayi. Lamuloli likadapanda kukhalapo, makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akadamapatsa mabwana awo malipiro ochepa papepala, kenako n'kuwabwereka mamiliyoni aulere ogulira magalimoto. Akadazemba msonkho pomwe mphunzitsi wa ku Domasi akudulidwa wake mwezi uliwonse asadaione n'komwe ndalamayo. Msampha udatcheredwa njovu, koma ndi ife agwape tomwe timapondamo. Chomwe chimateteza wamalonda wamng'ono ndi malire a malipiro aja, ndipo n'chifukwa chake ndayambira pamenepo.

Pa K600,000, msonkho wa K23,400 sukufika ngakhale K4 pa K100 iliyonse. Yerekezani ndi zomwe zimachitika mukamukaniza wantchitoyo. Amapita kwa akatapila omwe ena mwa iwo amafuna theka la ndalama pamwamba mwezi umodzi ukatha. Munthu yemwe akusakidwa ndi akatapila ndiye mwamusiyira makiyi a sitolo ndi kabati ya ndalama. Ngati katundu ayamba kusowa, mudzataya zoposa K23,400.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kubweza msonkhowu pamsana pa wantchito pomudula mwakachetechete kumalipiro. Lamulo laika udindowu pa wolemba ntchito. Ngati simungathe kuusenza, muuzeni poyera musanapereke ndalama, mugwirizane chiwongoladzanja chochepa chomwe nonse mukuchidziwa, kapena mumubwereke ndalama yocheperako yoti ithe msanga. K600,000 yomweyo ikabwezedwa pa K100,000 pamwezi imatha m'miyezi 6, phindu limakhala K42,000 ndipo msonkho K12,600 yokha.

Sindigwirizananso ndi ngongole za pakamwa. Ngongole yosalembedwa imavuta pawiri. Wantchito akachoka mulibe umboni, ndipo oona mabuku akapeza K600,000 yatuluka popanda pepala, mudzavutika kuwatsimikizira kuti idali ngongole, idayamba liti ndipo yabwezedwa zingati. Kope la sukulu ndi lokwanira. Lembani tsiku lomwe ndalama yatuluka, kuchuluka kwake, ntchito yomwe akukagwiritsa, chiwongoladzanja ngati chilipo, ndi yotsala kumapeto kwa mwezi uliwonse. Nonse awiri musaine. Mzere wa ndalama yotsalawo ndi womwe mudzawerengere msonkho.

Chenjeraninso ndi kukhululuka. Zimachitika kuti pakati pa chaka bwana amamva chisoni n'kunena kuti yotsalayo isabwezedwe. Ikatero siilinso ngongole, yasanduka mphatso yochokera kwa wolemba ntchito, ndipo nkhani siikhalanso ya chiwongoladzanja chokha koma ya ndalama yonse yomwe mwaisiya. Musang'ambe tsamba la m'kope musanafunse a MRA momwe muilembere.

Pomaliza, yemwe wayamba kupereka zinthu zoterezi kwa antchito ake amayenera kulembetsa ku MRA pasanathe masiku 14, ndipo kuchedwa kulembetsa kapena kulipira kumabweretsa chilango pamwamba pa msonkhowo. Ngati muli kale ndi nambala ya msonkho, fomu yake mutha kuitumiza kudzera pa Msonkho Online. Choncho wantchito wanu akabwera mawa kudzapempha, musanatsegule kabati tengani kope, funsani mlingo wa chiwongoladzanja, werengerani miyezi itatu yoyamba, ndipo ndalama ya msonkhoyo muiike padera tsiku lomwelo.