Ali Bwino, Nanga Amwerenji Mankhwala?

Ambiri a ife tili ndi makolo kapena agogo amene anawapeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene anthu aitcha bipi. Kawirikawiri timva iwo akunena kuti, "Ndachira ine, mutu unaleka kupweteka, mapiritsi ndawasiya." Ine ndiganiza kuti mawu amenewa ndi oopsa, ndipo ife ophunzira tiyenera kuwatsutsa, ngakhale mwaulemu.

Choyamba tidziwe kuti thupi silimuuza munthu za bipi. Munthu angathe kulima tsiku lonse ali wosangalala pamene magazi ake akukankha mitsempha mwamphamvu yopitirira. Chimene chinena zoona ndi makina aja amene amanga pamkono. Akamasonyeza 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, bipi yakwera.

Tiyerekeze mayi wa ku Lisungwi amene anamuyeza napeza 170/100. Adokotala amupatsa amulodipini, piritsi limodzi tsiku lililonse. Mankhwalawa amasula mitsempha kuti magazi adutse mosavuta, ndipo patapita mwezi makina asonyeza 130/80. Mayiyo ayesa kuti wachira. Koma tsono nthenda sinachoke ayi, yangogwidwa ndi piritsi, ndipo mphamvu ya piritsilo sikhalitsa m'thupi. Akaleka kumwa, m'masiku kapena masabata ochepa bipi ibwerera pamene inali, iye osamva kanthu. Mwakachetechete mtima ulema, impso ziwonongeka, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo ungathe kuphulika kapena kutsekeka. Imeneyo ndiyo sitiroko: kamwa lipotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zifooka, mawu samveka. Wotere athamange naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuno ku Neno nkhaniyi siyenera kutivuta kumva. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi boma m'boma lathu mu 2007, ndipo mu 2015 anayamba kuona odwala bipi, shuga ndi khunyu pamodzi ndi amene alandira mankhwala otalikitsa moyo. Kodi alipo amene auza womwa mankhwala otalikitsa moyo kuti aleke chifukwa wanenepa? Tonse tidziwa kuti kunenepako ndi ntchito ya mankhwalawo. Ndi chimodzimodzi ndi bipi.

Ndivomera kuti ena aleka pa zifukwa zomveka. Amulodipini nthawi zina atupitsa mapazi, enalapirilo apatsa ena chifuwa chouma chosatha, ndipo piritsi lina likodzetsa kawirikawiri. Koma mankhwala a bipi ali amitundumitundu, kotero wovutika akanene kuchipatala kuti amusinthire. Womva chizungulire akaimirira akanenenso, pakuti adokotala okha ndiwo ayenera kuchepetsa mlingo atamuyeza. Ndiponso misewu yathu tiidziwa m'mene ikhalira nthawi ya dzinja. Tikapita ku holide ya Khirisimasi, tiyang'ane m'buku lachipatala la agogo tsiku lobwerera, tiwerenge mapiritsi otsala, ndipo akapereŵera tiwaperekeze mitsinje isanadzaze.