Zimitsani kasipikako, anyamata aimbe okha

Ndinalowa m'kalasi ina ku Ulongwe momwe timu ya m'deralo imavaliramo isanayambe masewero. Ndinapeza kasipika kakulira amapiyano pawindo, anyamata ali duu, aliyense akumanga nsapato maso ali pafoni. Zinandinyansa. Kodi timu ingatuluke bwanji osamvapo mawu a goloboyi wake?

Tonse tikudziwa kuti nyimbo ya m'chipinda siifuna katswiri. Imafuna mmodzi wotsogolera, ena onse n'kumavomera, mzere umodzi kapena iwiri yobwerezabwereza, kuti ngakhale mnyamata wobwera dzulo aigwire ulendo wachiwiri. Ana a ku Machinga ndi Balaka anakulira m'manganje, beni, sikiri ndi makwaya, choncho kuyankhizana sachita kuphunzitsidwa. Wotsogolerayo asakhale kaputeni nthawi zonse. Kawirikawiri wa mawu abwino amakhala pabenchi, ndipo mukamupatsa nyimbo amadziwa kuti naye ali m'timu.

Ndondomeko yake ilipo. Povala majezi muyambe ndi yofatsa, ya m'manja mokha, kuti mitima ikhazikike. Kochi alankhule zake, pemphero lichitike. Yothamanga, yopondaponda pansi mutagwirana m'mapewa, isungidwe mpaka oimbira ataitana. Mphindi zitatu kapena zinayi zakwana. Ndaonapo matimu akuimba chilumphire palole kuchokera ku Ntaja mpaka ku Liwonde, dzuwa la Okutobala lili pamutu, pofika pabwalo mawu atasasa, madzi akumwa atatha. Chigawo choyamba chisanathe manja ali m'chiuno. Ng'oma yolilitsa siichedwa kung'ambika, anatero akuluakulu.

Chomwe chimandipweteka kuyambira kale ndi kusankha nyimbo mosaganizira anzako. Matimu a kuno ndi osakanikirana, Asilamu ndi Akhristu, Ayao, Angoni ndi Alomwe. Kochi akakakamira nyimbo ya kumpingo kwake sabata ndi sabata, theka la anyamata limangogwedeza milomo. Yang'anani m'ngodya: amene akumanganso chingwe chomwe wamanga kale, ameneyo nyimboyo si yake. Sinthanitsani, lero ya Chiyao, mawa ya Chichewa, kapena pekani yanu yotchula osewera mmodzimmodzi ndi maina awo a pabwalo. Mnyamata wa kumbuyo akamva anzake onse akufuula dzina lake, mantha a wogoletsa wa timu inayo amachepa.

Zotukwana adani nazo ayi. Zimatenthetsa mitu, ndipo khadi lofiira limabwera msanga.

Ena amati kuimba ndi zachimidzi. Bafana Bafana pa mpikisano wa dziko lonse wa 2010 inkatuluka m'chipinda ikuimba ndi kuvina, makamera a dziko lonse akuona. Tsono timu yomwe ikukonzekera kukalowa pa Balaka Stadium ikuchita manyazi ndi ndani? Makochi, oimbira asanaitane, tolerani mafoni onse muwaike m'chikwama cha mipira.